Foni ikatayipa kope la banki m'khonde, manambala atsimikize ndani?

Chaka chikamapita kumapeto, alembi a magulu a banki m'khonde m'mbali mwa nyanja ku Salima sagona tulo tabwino. Kuyambira ku Chipoka, kudzera ku Senga Bay ndi Lifuwu mpaka ku Chikombe, magulu ambiri amagawana ndalama zawo nyengo ya Khirisimasi isanafike, ndipo tsiku logawanalo lisanakwane mlembi amayenera kudziwa amene anaponya masheya angati, amene anakongola zingati ndi amene sanamalize kubweza. Zonsezi zimakhala m'kope limodzi la hadikava, lolembedwa pamanja chaka chonse, nthawi zina ndi anthu awiri kapena atatu, lina ndi bolopeni lina ndi pensulo. Kopelo layenda m'jumbo limodzi ndi usipa, lanyowapo, lawumapo.

Masiku ano mlembi akadandaula za ntchitoyi, sipalephera kupezeka mwana kapena mdzukulu wokhala ndi foni yamakono amene amapereka nzeru yachidule. Nzeru yake ndi yojambula tsamba la kopelo, kutumiza chithunzicho ku pulogalamu ngati ChatGPT kapena Gemini, n'kuiuza kuti itayipe zonse zimene zalembedwapo. Mphindi isanathe, mayina ndi manambala amatuluka pafoni ali m'mizere yowongoka bwino ngati achokera ku banki yeniyeni. ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022, ndipo inayamba kulandira zithunzi chakumapeto kwa 2023, choncho njirayi si yakale konse. Imathandizadi, sindikukana. Koma pali malo amene imapunthwa, ndipo ikapunthwa silira, n'chifukwa chake ndaona kuti tikambirane tisanafike pa tsiku logawana.

Choyamba tidziwe mmene mapulogalamuwa amawerengera. Munthu wosamala akakumana ndi nambala yofufutika amaima, n'kufunsa mwini kope kuti apa munalemba chiyani. Pulogalamu simagwira ntchito choncho. Inaphunzitsidwa ndi zolembedwa zochuluka zedi kuti izidziwa mawu amene kawirikawiri amatsatana, ndiye ikaona chilembo chosaoneka bwino imasankha chimene chikuoneka kuti n'choyenera pamalopo, n'kupitiriza ulendo. Pa kalata ya Chingerezi luso limeneli limapindula, chifukwa mawu oyandikana amathandiza kuzindikira liwu lofufutika. Pa nambala palibe chothandiza chotero. K11,000 ndi K17,000 zonse ndi ngongole zoti munthu akhoza kutenga, ndipo palibe chiganizo chimene chingaulule yolondola. Pulogalamu imasankha imodzi, n'kuilemba ndi zilembo zoyera zofanana ndendende ndi za manambala amene yawerenga bwino. Pakope, nambala yokayikitsa imaoneka kuti ndi yokayikitsa. Ikatayipidwa kukayikitsa kuja kumachoka, n'kutsala nambala yooneka ngati yotsimikizika.

Tiyerekeze ndi tsamba limodzi la ngongole la gulu la amayi ogula usipa padoko n'kumayanika pathandala. Tsambalo lili ndi mayina khumi, ndipo ngongole zake motsatana ndi K40,000, K25,000, K17,000, K60,000, K35,000, K45,000, K30,000, K54,000, K50,000 ndi K30,000. Pansi pa tsamba mlembi anawonkhetsa pa msonkhano, anthu onse akuona, n'kulemba K386,000. Nambala yapansiyi ndiyo ndodo yanu. Zotayipidwa zikatuluka, musayambe n'kuziwerenga ngati nkhani. Tengani kakuleta ya pafoni pomwepo, muwonkhetse manambala khumi amene pulogalamu yatulutsa, kenako muyerekeze ndi nambala imene ili pakope lenilenilo, osati imene pulogalamu yalemba pansi pa mndandanda wake. Ndikunena izi chifukwa pulogalamu ikhoza kukopera K386,000 molondola pamene manambala a pamwamba sakukwana ndalama imeneyo, kapenanso ikhoza kuwonkhetsa yokha n'kuika yankho lake m'malo mwa la mlembi, inu osadziwa kuti yasintha kanthu.

Tinene kuti mwawonkhetsa ndipo mwapeza K380,000. Zikusowa K6,000. Kusiyanaku kukukulozerani kale koyang'ana. Manambala amene amasokonezana polemba pamanja ndi odziwika: 1 ndi 7, 0 ndi 6, 4 ndi 9, 3 ndi 8. Awiri oyambawo amasiyana ndi 6, awiri enawo amasiyana ndi 5. Ndiye pakasowa K6,000 kapena K600, funani pamene 7 wasanduka 1 kapena 6 wasanduka 0. Pa tsamba lathuli, mupeza kuti mayi wa mzere wachitatu pulogalamu yamulembera K11,000 pamene pakope pali K17,000, chifukwa mlembi amalemba 7 wopanda kamzere kapakati ndipo denga lake ndi lalifupi. Pakasowa K5,000, yang'anani 4 ndi 9 kapena 3 ndi 8.

Palinso njira yakale imene akalaliki a m'masitolo ankagwiritsa ntchito makompyuta asanabwere. Kusiyana kukakhala kwakukulu kapena kwachilendo, kugaweni ndi 9. Kukagawika popanda chotsala, n'kutheka kwambiri kuti manambala awiri asinthana malo kapena ziro wagwa. Mwachitsanzo, K45,000 ikawerengedwa ngati K54,000, kusiyana kwake ndi K9,000. Ikawerengedwa ngati K4,500 chifukwa dontho la madzi linadya ziro womaliza, kusiyana kwake ndi K40,500, ndipo mukagawa ndi 9 yankho ndi 4,500, nambala yolakwikayo yeniyeni. Mungoyendetsa chala pa zotayipidwazo kufuna 4,500, basi mwaigwira. Ziro ndi amene amavuta kwambiri m'makope athu, poti ena amalemba 45,000, ena 45.000, ena 45 yekha podziwa kuti gulu lonse likumva kuti ndi masauzande, pamene ena amawonjezera timizere kapena maziro awiri a matambala kumapeto. Pulogalamu sinakhale nawo pa msonkhano umene munagwirizana kalembedwe kameneka.

Kuwonkhetsa kukagwirizana, musafulumire kuwomba m'manja. Pali zolakwika zimene kakuleta singazione, ndipo zimenezi ndi zimene zimadanitsa anthu. Kope la hadikava likatsegulidwa silimagona lathyathyathya. Pafupi ndi msoko tsamba limapindika, ndipo pachithunzi mizere imaoneka yotsetsereka. Mayina ali kumanzere, ndalama zili kutali kumanja, pakati pali malo opanda kanthu. Mzere ukatsetsereka pang'ono chabe, ndalama ya mayi wachisanu ndi chimodzi imagwera pa dzina la mayi wachisanu ndi chiwiri. Choopsa kwambiri ndi pamene pali dzina limodzi lopanda ngongole mwezi umenewo. Pulogalamu sikonda malo opanda kanthu, ndiye ikhoza kukweza nambala yapansi kudzatseka mpatawo, manambala onse otsatira n'kukwera ndi mzere umodzi. Mukawonkhetsa mupezabe K386,000. Koma wa K30,000 walembedwa K54,000, ndipo amene sanakongole n'komwe wapezeka ndi ngongole. Mankhwala ake ndi amodzi okha: munthu mmodzi agwire kope n'kumawerenga mokweza dzina ndi ndalama yake, wina akutsatira pafoni, mzere ndi mzere. Mizere khumi imatha m'mphindi ziwiri.

Chinanso chimene kakuleta ikhoza kukusokeretsani nacho ndi mzere wokhwatcha. M'makope ambiri munthu akabweza ngongole mlembi amangodula dzina lake ndi mzere, kapena kuika kachizindikiro kochonga pambali. Kwa ife tanthauzo lake ndi lalikulu kuposa nambala yomwe: nkhani yatha, munthuyu alibe mangawa. Pulogalamu kawirikawiri imawerenga mawu amene ali pansi pa mzerewo n'kuwatayipa ngati ena onse, kukhwatcha kuja osakutchula. Ngongole yobwezedwa mu Ogasiti imauka m'manda mu Disembala. Ndipo pamene mlembi analakwitsa nambala n'kulemba ina pamwamba pake, pulogalamu ikhoza kutenga yakale, yatsopano, kapena kusakaniza ziwirizo. N'chimodzimodzi ndi timadontho tiwiri timene timaika pansi pa liwu kutanthauza kuti n'zofanana ndi zapamwamba: nthawi zina timawerengedwa ngati 11.

Pa mawu a Chichewa vuto limasintha nkhope. Mapulogalamuwa anaphunzira kwambiri kuchokera ku zolembedwa za Chingerezi ndi zinenero zina zimene zadzaza pa intaneti, pamene Chichewa chathu chilipo chochepa, ndipo Chiyao ndi Chitonga zimene zimamveka tsiku lililonse m'madoko a Salima n'zochepa kuposa pamenepo. Mawu ofala ngati ndalama, ngongole ndi msonkhano imawapeza bwino. Koma mawu a panyanja, monga utaka, mcheni, chilimira kapena kambuzi, akalembedwa mothamanga akhoza kusinthidwa kukhala liwu lina lofanana nalo limene pulogalamu inalionapo kambiri. Mayina ndiye amavulala kwambiri. Dzina lachiyao losazolowereka limakokeredwa ku dzina lodziwika. M'gulu limodzi mukhoza kukhala a Nabanda awiri, mlembi n'kumawasiyanitsa ndi kachilembo kamodzi kambali kapena ndi dzina la mwana. Kachilemboko kakatayika, anthu awiri asanduka mmodzi. Zidule za mlembi nazo, ngati chiw. m'malo mwa chiwongoladzanja kapena zats. m'malo mwa zatsala, pulogalamu imayesa kuzimalizitsa mwa nzeru zake. Ena adzaona kuti yawakonzera kalembedwe, kusintha r kukhala l kapena kulumikiza mawu amene iwo anawalekanitsa. Pa mfundo za msonkhano zimenezo sizipweteka munthu. Koma ngati yayamba kukonza zimene simunaipemphe, dziwani kuti sikukopera chabe, ikutanthauzira.

Mbali yaikulu ya mavutowa imayambira pa chithunzi, ndipo apa ndi pamene wojambula ali ndi mphamvu. Kunyanja kuwala n'kochuluka mopyola. Mukajambula padzuwa la masana, pepala loyera limanyezimira, zolemba za pensulo n'kuzimiririka, ndipo mthunzi wa dzanja lanu kapena wa foni umadula tsamba pakati. Malo abwino ndi pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mthunzi wothithikana, m'mawa kapena chakumadzulo, kopanda kuyatsa kagetsi ka foni. Galasi la kamera lipukutidwe kaye, poti chala chimene chagwira nsomba chimasiya mafuta amene amachititsa chithunzi kukhala ngati chajambulidwa mu nkhungu. Kope ligonekedwe patebulo kapena pamkeka, wina alipanikize m'mbali kuti msoko uwongoke, foni ikhale pamwamba penipeni, osati chopendekera. Ngati inki ya kuseri kwa tsamba ikuonekera, ikani pepala lakuda kapena chikuto chakuda kuseri kwake, zolemba za kuseriko zimabisika.

Jambulani tsamba limodzi pa chithunzi chimodzi, ndipo ngati zolemba zili zing'onozing'ono, theka la tsamba. Anthu ambiri amajambula masamba awiri nthawi imodzi pofuna kupulumutsa bandulo, koma mapulogalamuwa amachepetsa chithunzi chachikulu asanachiwerenge, ndiye manambala ang'onoang'ono amasanduka timadontho. Kuchepetsa kwina kumachitika pa WhatsApp. Mlembi akajambula ku Lifuwu n'kutumizira mwana wake ku Lilongwe kuti akatayipitse, WhatsApp imafinya chithunzicho kuti chiyende msanga, ndipo chimene chimafika si chimene chinajambulidwa. Kutumiza chithunzi ngati `Document` kumachisunga mmene chilili, ngakhale kumadya bandulo yochulukirapo. Muyeso wake ndi wosavuta: chithunzi chisanatumizidwe ku pulogalamu, chikulitseni ndi zala pafoni, muyese kuwerenga nambala yaing'ono kwambiri pa tsambalo. Ngati inu amene mukudziwa gululo mukuvutika kuiwerenga, pulogalamu ingolota.

Mawu amene mumailembera potumiza chithunzi nawonso ali ndi ntchito. Kungoti itayipe n'kuipatsa ufulu wochuluka. Ndi bwino kuiuza momveka kuti ikopere zimene zili papepala mmene zilili, isakonze kalembedwe, isamasulire m'Chingerezi, isawonkhetse, pamene sikuona bwino iike chizindikiro cha funso m'malo mongoganizira, malo opanda kanthu iwasiye opanda kanthu, ndipo mzere uliwonse wokhwatchidwa iutchule kuti ndi wokhwatchidwa. Kuiuzanso kuti tsambalo ndi la Chichewa ndipo lili ndi mayina khumi kumathandiza, poti mukalandira mizere isanu ndi inayi kapena khumi ndi umodzi mudziwa nthawi yomweyo kuti china chalakwika. Malangizowa amachepetsa zolakwika, sazithetsa. Pulogalamu ikhoza kuika chizindikiro cha funso pamalo awiri n'kusiya pachitatu pamene yalakwitsa molimba mtima. Ndipo kuifunsa ngati yatsimikiza n'kutaya nthawi: ikhoza kuvomera kuti zonse zili bwino, kapena kusintha nambala yolondola chifukwa choti mwaonetsa kukayika. Chothandiza kwenikweni ndi kujambulanso tsamba lomwelo kachiwiri, kulitumiza pa macheza atsopano, n'kuyerekeza zotuluka ziwirizo. Pamene zasiyana, pamenepo pitani pakope. Pamene zafanana si umboni wokwanira, poti 7 wa denga lalifupi uja akhoza kuinamiza kawiri konse.

Pali nkhani ina imene achinyamata othandiza makolo awo saiganizira. Chithunzi chikatumizidwa sichikhala m'foni. Chimapita ku makompyuta a kampani kunja kwa dziko, ndipo malinga ndi mmene mwatcherera pulogalamuyo, chikhoza kusungidwa kapena kugwiritsidwa ntchito pophunzitsa mapulogalamu ena. Tsamba la ngongole lili ndi mayina a anthu, mangawa awo, nthawi zina nambala za foni ndi za chiphaso cha unzika. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu la 2024, limene likuyang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, koma ngakhale lamulo likanapanda kukhalapo, ulemu wamba ukufuna kuti gulu lifunsidwe kaye. Mayi amene anakongola mwakachetechete kuti alipirire mwana fizi sanavomere kuti dzina lake liyende m'foni ya mdzukulu wa mlembi. Magulu ambiri amapatsa membala aliyense nambala yake. Ngati mlembi atazolowera kulemba nambala ya membala pafupi penipeni ndi ndalama, ndiye kuti pojambula mukhoza kuphimba mayina onse ndi pepala. Njirayi imapha mbalame ziwiri: zinsinsi zasungika, komanso vuto la mizere yotsetsereka lija lachepa, chifukwa nambala ya munthu ndi ndalama yake zayandikana.

Si alembi a banki m'khonde okha amene akhudzidwa. Mwini boti amakhala ndi kope la ndowa za usipa zimene zatsika tsiku lililonse, mafuta a injini ndi ndalama zimene anyamata ake atapa. Asodzi a ku Mbenji, kumene mwambo wa kwa Mfumu Makanjira umatseka usodzi kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo, amakhala miyezi ingapo ngongole zili m'kope kudikira kuti nyanja itsegulidwe, ndipo pofika nthawi yowerengerana palibe amene akukumbukira bwino za tsiku ndi tsiku. Makope oterewa amakhala ndi timitengo towerengera, tinayi toimirira ndi kamodzi kopingasa, ndipo pa zimenezi mapulogalamuwa ndi ofooka kwambiri: kuwerenga timizere tofanana tambirimbiri si luso lawo. Ophunzira amene amajambula manotsi a mnzawo ali pabwinoko, makamaka akakhala a Chingerezi olembedwa mwaudongo, ngakhale masamu, zojambula ndi mivi yolumikiza mfundo zimatuluka zosokonekera. Mlembi wa komiti ya padoko wofuna kutumiza mfundo za msonkhano ku ofesi ya za usodzi ndiye angapindule koposa onse, chifukwa nkhani yolembedwa m'ziganizo imadziteteza yokha: liwu likalakwika, chiganizo chimamveka chachilendo ndipo wowerenga amaima.

Funso loti kodi ntchitoyi imapulumutsadi nthawi lili ndi yankho losiyana malinga ndi tsamba. Masamba asanu a mfundo za msonkhano, kuwatayipa ndi chala pafoni ndi ntchito ya madzulo onse, pamene kujambula ndi kukonza mawu ochepa olakwika n'kwa kanthawi. Apo phindu lilipo loonekeratu. Koma tsamba la mizere khumi ya mayina ndi ndalama, mukaphatikiza kufuna mthunzi, kudikira netiweki, kuwonkhetsa ndi kuwerengerana mokweza, mwina mukanamaliza kale kulemba nokha. Phindu lake pamenepo si liwiro, koma kukhala ndi zolembedwa zina zosungidwa kwina kope likagwera m'madzi kapena likadyedwa ndi chiswe. Ndipo ngati cholinga chili chimenecho, chithunzi chenichenicho n'chofunika kuposa zotayipidwa, poti chimasunga dzanja la mlembi, kukhwatcha konse ndi tsiku limene chinajambulidwa.

Mkangano ukafika kwa a nyakwawa, palibe amene adzafunse zimene foni inatayipa. Adzaitanitsa kope, chifukwa ndi mmene muli siginecha ya wokongola kapena chidindo cha chala chake, zinthu zimene pulogalamu imazidumpha kapena kuzisandutsa zilembo zopanda tanthauzo. Choncho zotayipidwa zikatsimikizidwa mzere ndi mzere, mlembi alembe pansi pake nambala ya tsamba la kope limene zachokera ndi tsiku limene anaziwerengerana, msungichuma akhalepo monga mboni, kope libwerere m'bokosi la makiyi atatu.